Tipi yolipira kawiri pa lisiti la khadi

M'malesitilanti ambiri ku America, wolipira ndi khadi amalandira mapepala awiri. Loyamba ndi bilu, yosonyeza chilichonse chimene wadya ndi mtengo wake. Lachiwiri ndi kalisiti kosainapo, kamene weta amabwera nako akadutsitsa khadi pamakina. Ndalama zambiri zimatayikira pakati pa mapepala awiriwa.

Tiyerekeze kuti anthu asanu ndi mmodzi adya chakudya cha madola 200, ndipo za msonkho tiziike pambali. Malesitilanti ambiri gulu likafika pamenepa amawonjezera okha ndalama yolipirira kutumikiridwa, nthawi zambiri 18 kapena 20 peresenti. Pabilu imalembedwa kuti "Service charge" kapena "Gratuity". Ikakhala 18 peresenti ndiye kuti ndi madola 36, ndipo bilu yafika pa 236.

Vuto ndi lakuti kalisiti kosainapo nthawi zambiri sikafotokoza zimenezi. Kamangoonetsa 236.00, kenako mzere wopanda kanthu wa "Tip" ndi wina wa "Total", chifukwa makina amasindikiza mizereyi kwa aliyense. Munthu amene sanawerenge bilu amaona ngati sanapereke tipi. Akawerengera 20 peresenti ya 236 n'kulemba 47.20, zonse zimakwana madola 283.20. Apa wawonjezera 83.20 pa chakudya cha 200, kupitirira 41 peresenti, ndipo gawo lina la tipiyo wawerengera pa ndalama yowonjezera ija.

Komabe musafulumire kunena kuti weta wadya kawiri. Malamulo a boma lalikulu la America amasiyanitsa zinthu ziwirizi. Tipi ndi imene kasitomala wapereka mwa kufuna kwake, ndipo ndi ya antchito. Ndalama yokakamiza imatengedwa ngati ya lesitilanti, moti mwini wake akhoza kupatsa weta yonse, gawo chabe, kapena osam'patsa n'komwe. M'zigawo zina weta amalipidwa madola 2.13 okha pa ola, zotsalazo n'kumadalira matipi. Ku Britain n'kosiyana: kuyambira pa 1 Okutobala 2024, lamulo limati ndalama yotereyi ipite yonse kwa antchito.

Choncho musanasaine, werengani mizere yomaliza ya bilu. Mukaipeza ndalamayo, funsani weta ngati imafika m'manja mwake. Akavomera, lembani 0 kapena khwatchani mzere wa "Tip", ndipo pa "Total" lembani nokha 236.00. Akati imatsalira kwa abwana, mukhoza kum'patsa kangachepe, koma muwerengere pa 200, osati pa 236.

Musasiye mizereyi ili yopanda kanthu, chifukwa tipi imalowetsedwa m'makina inu mutapita. Sungani lisiti lanu kapena lijambuleni pafoni. Ndalama imene banki imayamba kuonetsa imakhala yongoyembekezera, yeniyeni imaoneka pakapita masiku angapo. Ikasiyana ndi imene munasainira, yambani mwadandaula kwa manijala, ndipo zikakanika, kadandauleni kubanki muli ndi lisitilo.