Waya wotchipa wa pamalire sataya mwini

M'chaka cha 1926, katswiri wa masamu wa ku Czechoslovakia, Otakar Borůvka, anayankha funso la anthu amene ankafuna kufikitsa magetsi m'dera la Moravia: malo onsewa tiwalumikize bwanji kuti waya apite wochepa? Patadutsa zaka zinayi, mu 1930, Vojtěch Jarník anapeza njira ina yosavuta. Robert Prim wa ku Bell Laboratories ku Amereka anaitulukiranso mu 1957, ndipo lero ambiri amangoitcha ndondomeko ya Prim.

Ndondomekoyi ndi yachidule. Mumayambira pamudzi umodzi uliwonse. Mumayang'ana mawaya onse amene angachoke m'midzi yolumikizidwa kale kupita kumudzi umene sunalumikizidwe, n'kusankha wotchipa kuposa onse. Mukatero mumabwereza, mpaka midzi yonse italowa. Chotulukapo akatswiri amachitcha mtengo, chifukwa chimafika paliponse ngati nthambi koma mulibe njira yozungulira n'kubwerera pomwe inayambira. Ngati midzi ili isanu, mtengowo umakhala ndi mawaya anayi, pakuti mawaya amachepa ndi mmodzi nthawi zonse.

Munthu woganiza bwino ayenera kukayika pamenepa. Kuthamangira chotchipa cha lero nthawi zambiri kumabala ngongole ya mawa. Nanga tidziwa bwanji kuti waya amene tasankha poyambayu sadzatikakamiza kugula wodula kutsogolo? Kuyesa mitengo yonse n'kuyerekeza sikungatheke. Pa midzi khumi yokha, ngati uliwonse ungalumikizidwe ndi unzake uliwonse, mitengo yotheka ilipo 100,000,000. Chofunika ndi umboni, ndipo umboniwo uli pamalire.

Tiyeni titenge midzi isanu, A, B, C, D ndi E. Mawaya otheka ndi awa, m'makilomita: kuchoka pa A kufika pa B ndi 4, A ndi C ndi 2, B ndi C ndi 1, B ndi D ndi 5, C ndi D ndi 8, C ndi E ndi 7, D ndi E ndi 3. Ndi bwino kujambula zimenezi papepala musanapitirire.

Tayambira pa A. Mawaya otuluka ndi awiri, wa 4 ndi wa 2, choncho titenga AC. Tsopano A ndi C ali pamodzi, ndipo wotchipa wotuluka mwa iwo ndi CB wa kilomita imodzi. Pofika apa midzi yagawika pawiri: tsidya lino kuli A, B ndi C, tsidya linalo kuli D ndi E. Lembani mzere pakati pawo. Mzere umenewu ndiwo malire, ndipo mawaya owoloka malirewo ndi atatu okha, BD wa 5, CE wa 7 ndi CD wa 8. Waya AB wa 4 ndi wotchipa kuposa onsewa, koma sawoloka, mapeto ake onse ali tsidya lino. DE wa 3 nayenso sawoloka. Ndondomeko ikuti tengani BD.

Lamulo la malire likunena kuti mukagawa midzi m'magulu awiri mwanjira iliyonse, waya wotchipa kuposa onse owoloka malirewo amapezeka mumtengo wotchipitsitsa. Chifukwa chake n'chokoma kuchitsatira pang'onopang'ono.

Tiyerekeze kuti wina wabwera ndi mtengo wake wopanda BD, akunena kuti palibe wouposa. Wake uli ndi AC, CB, CD ndi DE, pamodzi makilomita 14. Ife tingowonjezerapo BD. Popeza mtengo wake unali utalumikiza kale B ndi D kudzera kwina, waya watsopanoyu akupanga njira yozungulira, kuchoka pa B kupita pa D, kenako pa C, n'kubwerera pa B. Njira yozungulira ikawoloka malire kupita tsidya linalo, iyenera kuwolokanso pobwerera, apo ayi siingafike pomwe inayambira. Ndiye kuti panjirayo pali waya wina wowoloka malire, amene pano ndi CD. Timuchotse ameneyo. Palibe mudzi umene watsala padera, chifukwa aliyense amene ankadalira CD angathe kuzungulira kudzera pa BD. Mawaya akadali anayi. Koma tachotsa 8 n'kuikapo 5, ndipo makilomita atsika kufika pa 11. Mtengo wa mnzathu uja sunali wotchipitsitsa ayi.

Sizinangochitika mwamwayi chifukwa cha manambala athu. Mtengo uliwonse wopanda BD uyenera kukhala ndi njira yochoka pa B kufika pa D, njirayo iyenera kuwoloka malire penapake, ndipo powolokerapo sipangatchipe kuposa BD, popeza BD tinamusankha chifukwa ndiye wotchipa pa owoloka onse. Kusinthanitsako sikungakweze makilomita.

Pali mfundo ina imene ophunzira ambiri amaidumpha, koma ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa umboni wonse. Waya amene timachotsa posinthanitsa amakhala wowoloka malire, pomwe mawaya onse amene tinasankha kale ali mkati mwa tsidya lino. Choncho kusinthanitsako sikukhudza ntchito imene tagwira kale. Poyamba tilibe waya aliyense, ndiye n'zoona kuti zimene tili nazo zikukwana mumtengo wina wotchipitsitsa. Tikawonjezera waya, mawu amenewa amakhalabe oona, kaya mtengowo unali naye kale kapena tamulowetsa posinthanitsa. Akhala oona mpaka pa waya womaliza, ndipo pamenepo zimene tili nazo ndi mtengo wathunthu. Apa ndi pamene pali ubwino wokulira pamudzi umodzi: malire sitichita kuwafunafuna, amakhalapo okha pakati pa midzi imene yalowa ndi imene sinalowe. Pa chitsanzo chathu sitepe yomaliza ikusiya E yekha kunja, ndipo DE wa 3 akuposa CE wa 7. Mtengo wathu ndi AC, CB, BD ndi DE, makilomita 11. Mukayambira pa E kapena pa B mupeza mawaya omwewa, kungoti alowa motsatana mosiyana.

Umboniwu umagwira pokhapokha mwayang'ana malire onse. Cholakwa chofala ndi kuyang'ana mawaya a mudzi umene wangolowa kumene. Yambirani pa C, mutenge CB, kenako muyang'ane a pa B okha: mutenga BA wa 4, pomwe CA wa 2 akuwoloka malire omwewo, ndipo makilomita awiri apita pachabe. Mungathe kuzindikira cholakwa chotere ntchito itatha. Tengani waya aliyense amene watsala kunja kwa mtengo, mutsate njira ya mumtengo yolumikiza mapeto ake awiri. Ngati panjirapo pali waya wodula kuposa wotsalayo, mtengowo si wotchipitsitsa.

Mawaya awiri owoloka akafanana kutalika, tengani aliyense. Mitengo yotchipitsitsa ingakhale ingapo, koma makilomita ake ndi amodzimodzi. Ngati mawaya onse ndi osiyana kutalika, mtengo wotchipitsitsa ndi umodzi wokha. Umboni umasweka ngati njirazo ndi zoyenda mbali imodzi yokha, chifukwa kuzungulira kudzera pa waya watsopano uja sikungatheke nthawi zonse. Ndipo lamuloli limalonjeza kuchepetsa waya yense pamodzi, osati mtunda wa pakati pa midzi iwiri. Mumtengo wathu, kuchoka pa C kufika pa E ndi makilomita 9 kudzera pa B ndi D, ngakhale kuti waya wolunjika ndi wa 7. Wofuna njira zachidule kuchoka pamalo amodzi akufunsa funso lina, limene Edsger Dijkstra anayankha mu 1959.