Kujambula Malo a Ngozi Kuti Lipoti Limveke

Chojambula chimene chimatsagana ndi lipoti la ngozi ya pamsewu chimaonetsa malowo monga angaonekere kwa munthu woyang'ana ali pamwamba. Apolisi a pamsewu amajambula chawo akafika pangozi, ndipo mafomu ambiri a inshuwalansi amasiya mpata woti dalaivala ajambulepo chake. Sichilira luso la zojambulajambula ayi: galimoto ndi kabokosi, munthu ndi kadontho. Chofunika n'chakuti amene sanalipo athe kupita pamalopo mawa n'kuloza pamene chilichonse chinali.

N'chifukwa chake wojambula amayamba ndi zinthu zosasuntha, monga m'mbali mwa msewu, mzere wapakati, mphambano, kalavati ndi pholo la magetsi. Akatero amaika muvi woloza kumpoto, ndipo kumathero onse awiri a msewu amalemba kumene ukulowera. Mawu akuti kumanzere ndi kumanja amasokoneza, poti mboni ziwiri zoyang'anizana zimaloza mosiyana.

Mwachitsanzo, minibasi yochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu pamsewu wa M1 yagunda njinga ya kabaza imene imatulukira mumsewu wafumbi. Minibasi imalembedwa A, njinga B, ndipo zilembozi zisasinthe m'lipoti lonse. Pamene minibasi inaima pamajambulidwa ndi mzere wathunthu, njira imene inadzera ndi mzere wa madontho wokhala ndi muvi, ndipo pamene zinagundana pamaikidwa X. Mikwasa ya matayala pa tala ndi pamene panamwazika magalasi zimajambulidwanso, chifukwa zimathandiza kudziwa pamene X ayenera kukhala.

Poyeza m'pamene ambiri amaphonya. Kungolemba kuti njinga inagwa mamita 7 kuchokera papholo sikokwanira, chifukwa mamita 7 amenewo angakhale mbali ina iliyonse ya pholo. Pamafunika muyeso wachiwiri wochokera pachinthu china chosasuntha, monga mamita 12 kuchokera pangodya ya kalavati. Miyeso iwiriyi, pamodzi ndi mbali ya msewu imene njingayo yajambulidwa, imaloza malo amodzi okha. Galimoto imayezedwa kutayala la kutsogolo ndi la kumbuyo kuti zidziwike kumene inapenya. Ngati palibe tepi, mapazi amakwanira, koma zilembedwe kuti ndi mapazi, ndiponso kuti chojambulacho sichinatsate sikelo.

Nthawi zambiri anthu amakhala atasuntha kale njingayo pothandiza wovulala. Zikatero, wojambula amalemba kuti malowo anachita kulozeredwa ndi mboni. Mawu oweruza, monga akuti dalaivala amathamanga, alibe malo pachojambula. Ngati lipoti likuti mamita 12 pamene chojambula chikuti 20, wowerenga amakayika zonse ziwiri, choncho ziyenera kuyerekezedwa zisanaperekedwe.

Pansi pa pepala pamalembedwa tanthauzo la zizindikiro zonse, tsiku, nthawi, malo, ngati msewu unali wouma kapena wonyowa, dzina la wojambula ndi siginecha yake. Amene anayamba ndi pensulo amamaliza ndi bolopeni, ndipo amasunga kope lake.