Kampani imodzi, mapindu atatu: lenileni ndi liti?

Lipoti la pachaka la kampani imodzi likhoza kuonetsa mapindu atatu osiyana, onse oona. Amasiyana chifukwa cha zimene zachotsedwa pa ndalama zolowa.

Tiyerekeze kampani ya malole imene yapeza K500 miliyoni pachaka ponyamula katundu. Dizilo, matayala, malipiro a madalaivala, amakaniko ndi lendi zadya K350 miliyoni. K150 miliyoni yotsalayo ndiyo EBITDA: phindu lowerengedwa tisanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa katundu wogwirira ntchito.

Komatu malole amakalamba. Ngati anagulidwa pa K400 miliyoni ndipo adzagwira ntchito zaka zisanu, akauntanti amachotsa K80 miliyoni chaka chilichonse, ngakhale palibe amene wapatsidwa ndalamazo chaka chimenecho. Yatsala K70 miliyoni, ndilo phindu la ntchito yeniyeniyo. Kenaka banki itenge chiwongoladzanja cha K50 miliyoni, boma lidule 30 peresenti pa K20 miliyoni yotsala. Eni kampani atsala ndi K14 miliyoni basi, phindu lomaliza.

Okonda EBITDA ali ndi mfundo yomveka. Kampani ina yofanana ndendende, koma yogula malole ndi ndalama zakezake, ikanatsala ndi K49 miliyoni. Kodi ndiye kuti imayendetsa bwino malole kuposa inzake? Ayi, ilibe ngongole chabe. EBITDA imaika ngongole ndi misonkho pambali kuti tione ntchito yokhayokha, n'chifukwa chake mabanki ndi ofuna kugula makampani amaiyang'ana kwambiri.

Otsutsa, monga Warren Buffett wa ku Amereka, amati kutha kwa makina ndi ndalama zenizeni. Zaka zisanu zikakwana, lole yatsopano sidzagulidwa ndi mawu. Amene ankaona K150 miliyoni ngati yake adzapeza kuti yoposa theka inali ya malole. Chinanso, malamulo a kawerengedwe ka ndalama sanaike njira imodzi yowerengera EBITDA, choncho makampani ena amasiya kunja zimene zikuwaipitsira chithunzi, n'kumati zinangochitika kamodzi.

Mu 2002 zinaululika kuti WorldCom, kampani ya matelefoni ya ku Amereka, inalemba ndalama pafupifupi madola 3.8 biliyoni zolipirira mawaya a makampani ena ngati kuti yagula katundu wokhalitsa. Ndalama zolembedwa chonchi zimachotsedwa pang'onopang'ono monga kutha kwa katundu, kumene EBITDA siwerengera n'komwe. EBITDA inafufuma, kampaniyo n'kugwa chaka chomwecho.

Ine ndimaona kuti EBITDA ndi yothandiza poyerekeza makampani, koma imasocheretsa pa bizinesi yodalira makina okwera mtengo. Mukaiona m'lipoti, fufuzani ndalama zimene kampaniyo yagulira makina chaka chimenecho ndi chiwongoladzanja chimene yalipira, muchotse nokha. Zikatsala zochepa chaka ndi chaka, musathamangire kugula masheya ake.