Wailesi ya m'galimoto imatsala ndi manambala anu

Galimoto yahayala yanyamuka ulendo wa ku chinkhoswe ku Zomba, ndipo mayi wina akufuna kuika nyimbo zake. Atsegula Bluetooth, asankha dzina la wailesi, foni ifunsa, iye angodina kuvomera chifukwa anzake achita kumufulumiza. Pa zomwe wavomerazo panali chilolezo choti wailesiyo ione manambala a m'foni ndi mndandanda wa anthu omwe waimbirana nawo. Mawailesi ambiri a m'galimoto amakopera zimenezi n'kuzisunga. Mayiyo atsika, koma nambala ya amuna ake, ya abwana ndi ya anzake a banki m'khonde zapita ndi galimoto.

Chimachitika n'chakuti zipangizo ziwiri zikalumikizana koyamba, zimapangana kiyi wachinsinsi, ndipo chilichonse chimasunga kiyiyo. N'chifukwa chake mawa zikayandikana pa mtunda wa mamita ngati 10 zimangolumikizana zosafunsanso. Kuzimitsa Bluetooth sikufufuta kiyi ameneyu.

Nthawi yochenjera ndi yoyambayo. Foni ikamalumikizana ndi foni inzake, kompyuta kapena wailesi yamakono, mbali zonse zimaonetsa nambala ya madijiti 6. Muziyerekeze ndithu. Zikasiyana, ndiye kuti amene mukulankhula naye si amene mukumuganizira, kanani. Masipika ndi mahedifoni alibe poonetsera nambala, ndipo zipangizo zakale zimagwiritsa ntchito 0000 kapena 1234, zomwe aliyense amazidziwa. Zoterezi ndi bwino kuzilumikiza kunyumba, osati m'depoti kapena mumsika. Pempho likangotulukira lokha inu musanayambitse kalikonse, musalivomere, ngakhale dzina lake likhale lodziwika, pakuti dzina la chipangizo munthu amangolemba lomwe wafuna. Ndipo ngati cholinga n'kumvera nyimbo basi, funso la manambala liyankheni kuti ayi. Nyimbo zilira bwinobwino.

Tsono tsegulani mndandanda wa zipangizo zomwe foni yanu ikuzikumbukira. Mupezamo sipika ya pa ukwati wa chaka chatha, mahedifoni otayika, foni ya munthu yemwe munangogawana naye nyimbo. Pa Android ambiri pitani ku Settings, kenako Connected devices kapena Bluetooth, dinani kachizindikiro ka pambali pa dzinalo, musankhe Forget kapena Unpair. Pa iPhone ndi Settings, Bluetooth, kachilembo ka i, kenako Forget This Device.

Apa m'pamene ambiri amalekezera, ndipo zimandidetsa nkhawa. Forget imafufuta za m'foni mwanu zokha, zomwe wailesi inakopera zimatha kutsala momwemo. Musanabweze galimoto yahayala kapena kugulitsa yanu, lowani pa Bluetooth ya wailesiyo, mufufute dzina la foni yanu, kenako muone ngati manambala achokadi. Akakanirira, bwezerani wailesiyo mmene inachokera ku fakitale, ndipo ngati zolemba zake zili m'Chijapanizi, monga zilili galimoto zambiri zobwera kudzera ku Dar es Salaam, pemphani wokonza mawailesi akuthandizeni inu muli pomwepo.