Patuma, Twaibu ndi Asiyatu: Njira Imene Dzina Linadzera

Mphunzitsi wa madrasa kwa Tambala, m'boma la Dedza, akamaitana mayina m'mawa amamva kuyankha ana atatu: Patuma, Fatuma ndi Fatima. Onsewa anatchulidwa dzina la mwana wa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), koma m'kaundula akuoneka ngati mayina atatu. Aphunzitsi ena amafulumira kunena kuti awiri oyambawo ndi olakwika. Ine ndikuona kuti tisanatenge cholembera chofiira tiyambe tafunsa kumene kalembedwe kalikonse kanachokera, chifukwa mayinawa amasunga mbiri ya njira imene Chisilamu chinadzera pofika kumapiri kuno.

Mayinawa sanachoke ku Makka n'kutera ku Dedza. Anayamba agona kugombe la nyanja ya mchere, kwa Aswahili a ku Kilwa ndi Zanzibar. Kumeneko anawatenga Ayao a malonda, ndipo m'zaka za m'ma 1800 magulu a Ayao, monga la mfumu Tambala, anadzakhazikika pakati pa Achewa a kuno. Motero dzina linadutsa pakamwa patatu, ndipo paliponse linasiyapo kanthu kapena kutolapo kanthu.

Tiyambe ndi Fatima. Mswahili anati Fatuma. Chiyao chakale chinalibe f, choncho Myao anaika liwu loyandikana nalo, lotulukira pamilomo, n'kukhala Patuma. Mchewa f ali naye, amanena fodya ndi fisi mosavutika, ndiye akanalilandira yekha dzinali kwa Mswahili sakanalisintha. Mukakumana ndi Patuma m'mudzi wolankhula Chichewa chokhachokha, dziwani kuti dzinalo linadzera m'Chiyao. Umboni womwewo uli pa h amene amasowa: Hasan anakhala Asani, Husayn Useni, Halima Alima, Hawa Awa. Nayenso z amasanduka s, n'chifukwa chake Zaynab timamumva Sainabu.

Chizindikiro cha Chiswahili n'chosavuta kuchigwira, ndipo ndicho chimandisangalatsa kwambiri. Chiarabu chili ndi zilembo zolemera, monga swadi ndi twa, zimene potchula lilime limakwera kumbuyo kwa kamwa. Aswahili ophunzira anasunga kulemerako poikapo w, monga timamvera m'mawu oti swala ndi swadaka. Tsono Tayyib anakhala Twaibu, Taha anakhala Twaha, Salih anakhala Swalehe, amene kuno anataya h n'kutsala Swaleyi. W ameneyu si chibwibwi cha agogo athu. Ndi tajiwidi imene inatsalira m'dzina. Wolemba Twaibu wasonyeza kuti chilembo choyamba ndi twa, pamene wolemba Tayib, ngakhale akuoneka wamakono, wabisa zimenezo.

Zotsalazo n'zodziwika kwa aliyense wolankhula zinenero zathu. Sitimaliza mawu ndi konsonanti ndipo sitikonda kuunjika makonsonanti, ndiye Uthman amakhala Usumani, Yusuf Yusufu. Liwu la th limapita ku s: Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, mmodzi mwa aphunzitsi akuluakulu oyambirira a Chisilamu m'dziko muno, anthu ankamudziwa kuti Shehe Sabiti. R ndi l kwa ife ndi liwu limodzi, choncho Rajab ndi Lajabu, Ja'far ndi Jafali. Pamwamba pa zonsezi panabwera kalembedwe ka Chingerezi, ka m'maofesi ndi ka amalonda achimwenye, kamene kanatipatsa Osman, Ebrahim ndi Cassim. Dzina la Cassim Chilumpha, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira 2004 mpaka 2009, ndi Qasim yemweyo amene kumudzi timati Kasimu.

Nanga malamulo a chipembedzo akuti chiyani? Kusintha katchulidwe pakokha si tchimo. M'hadisi ya Imamu Bukhari, Mtumiki anaitana mayi Aisha mofupikitsa kuti Aish. Dzina si ndime ya Kurani yoti kulakwitsa chilembo kuononge swala. Vuto limayamba pamene kusinthako kwafika pa tanthauzo, ndipo pali malo awiri oyenera kuwayang'anitsitsa.

Oyamba ndi pamene mayina awiri a Chiarabu agwera m'kalembedwe kamodzi. Titenge Asiya, amene ambiri kuno timati Asiyatu. Tu wakumapetoyo ndi ta marubuta, chilembo chotseka mayina achikazi, chimene makolo anachitchula monga chimamvekera powerenga mopitiriza. M'Chiarabu muli Asiya mkazi wa Farao, wokhulupirira uja amene Mtumiki anamutchula pakati pa akazi angwiro. Dzina lake limayamba ndi alifu wotalika, kenako sini. Mulinso dzina lina loyamba ndi ayini, lotsatira swadi, lotanthauza wonyoza malamulo. Imamu Muslim analemba kuti Mtumiki anasintha dzina limeneli, mwini wake n'kukhala Jamila. M'zilembo zathu ayini salembeka ndipo swadi ndi sini onse ndi s, choncho awiriwa amafanana ndendende. Wophunzira wowerenga hadisiyi m'buku lomasuliridwa angathe kuthamangira kukauza azakhali ake kuti dzina lawo n'loletsedwa. Asanapite ayese muyeso wa w uja: dzina lokhala ndi swadi likanadzera kugombe likanamveka Aswiya. Lathuli ndi Asiyatu, la sini wopepuka, la mkazi wa Farao. Palibe chosintha.

Saidi ndi wovutirapo. Angakhale Sa'id, wodala. Angakhale Sayyid, bwana. Ndipo pakamwa posandutsa z kukhala s angakhalenso Zayd. Onse atatu ndi mayina abwino, choncho palibe mlandu, koma mphunzitsi wolemba satifiketi ya madrasa m'Chiarabu asangoganizira. Afunse akuluakulu a pabanjapo kuti mwanayo anatchulidwa dzina la yani.

Malo achiwiri ndi olemera. Mayina oyamba ndi Abdu, kutanthauza kapolo wa, ndi aatali, ndipo ife timakonda kudula. Kudula kumapeto n'kunena Abudu kulibe vuto, pakuti munthuyo ndi kapolodi. Kudula kumayambiriro ndiko kofuna kusamala. Abdur-Rahman, limodzi mwa mayina awiri amene hadisi ya Imamu Muslim imati Allah amawakonda koposa, likadulidwa mutu limatsala Rahman, ndipo dzina limeneli ndi la Allah yekha. Ibn al-Qayyim, amene anamwalira mu 1350, analongosola m'buku lake la malamulo okhudza mwana wobadwa kumene, Tuhfat al-Mawdud, kuti mayina a Allah yekha saloledwa kupatsa cholengedwa. Si onse ali choncho. Karim amaloledwa, popeza Kurani yomwe imatchula mtumiki kuti karim. Ndiye Abdul-Karim woitanidwa Kalimu sitimuvutitsa, koma woitanidwa Rahman timubwezere Abdu wake, pakamwa ndi papepala pomwe.

Papepalapo ndi pamene ophunzira athu amapunthwa masiku ano. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, dzina limodzi likuyenera kuyenda mofanana pa chiphaso, pa satifiketi ya mayeso ndi pa pasipoti. Mnyamata amene analembedwa Twaibu ku pulayimale, atakula n'kudzikonza yekha kukhala Tayub, wadzipangira anthu awiri pamaso pa ofesi iliyonse. Komanso sanafike kumene amafuna, chifukwa Tayub si Tayyib: u uja wamukokera kufupi ndi Ayyub, limene ndi dzina lina. Akadasiya Twaibu pa mapepala onse, n'kupempha mphunzitsi wake amulembere dzinalo m'Chiarabu ndi twa, ya wobwereza ndi ba, kuti adzalisonyeze akadzafunsira maphunziro kunja.