Chiwongoladzanja chikatembenuka ku America, ku Thyolo tidandaule?

Tiyi amene amadutsa pa Bvumbwe kuchokera kumaesiteti a ku Thyolo monga Satemwa ndi Naming'omba amagulitsidwa m'madola, kaya pa okushoni ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula akunja. N'chifukwa chake nkhani ya ngongole za boma la America, ngakhale ikuoneka yakutali, imafika mpaka m'thumba la wothyola masamba.

Boma likafuna kukongola limagulitsa zikalata zotchedwa mabondi, zina zobweza pakatha miyezi itatu, zina zaka ziwiri, zina zaka khumi. Mwachizolowezi, wodikira nthawi yaitali amalandira chiwongoladzanja chokwera, poti ndalama yake imakhala itamangika pomwe mitengo ya zinthu ikhoza kukwera. Mukalemba ziwongoladzanjazi papepala, kuyambira ngongole yaifupi mpaka yaitali, mzere wake umakwera ngati msewu wa chitunda. Nthawi zina mzerewu umatembenuka: ngongole yaifupi n'kumalipira kuposa yaitali.

Kumayambiriro kwa Julaye 2023, bondi ya zaka ziwiri ya boma la America inkalipira pafupifupi 4.9 peresenti pachaka, pomwe ya zaka khumi inkalipira pafupifupi 3.9. Wokongoza madola 1,000 akanalandira madola 49 pachaka pa yoyambayo, koma 39 okha pa inayo. Nanga munthu wanzeru zake angasankhirenji yochepayo? Tiyerekeze kuti akukhulupirira kuti pakatha zaka ziwiri chuma chidzafooka, ndipo banki yaikulu idzatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 2 peresenti. Akatenga yaifupi, adzapeza madola 98 m'zaka ziwirizo, kenaka madola 20 pachaka kwa zaka zisanu ndi zitatu zotsalazo. Onse pamodzi ndi 258. Akatenga yaitali, adzapeza 390. Choncho mzere ukatembenuka, ndiye kuti eni ndalama ambiri akubetcha kuti chiwongoladzanja chidzatsika, ndipo kawirikawiri chimatsika pamene malonda aima ndipo anthu akuchotsedwa ntchito.

Amene adaonetsa ubalewu ndi Campbell Harvey, m'kafukufuku wake wa 1986 ku yunivesite ya Chicago. Mu 2018, akatswiri a nthambi ya ku San Francisco ya banki yaikulu ya America, Federal Reserve, adapeza kuti kuyambira 1955, nthawi iliyonse chuma cha America chisanabwerere m'mbuyo, mzerewu unkayamba watembenuka, miyezi 6 mpaka 24 vuto lisanafike. Udanama kamodzi kokha, chapakati pa zaka za m'ma 1960. Udatembenuka mu 2006, mavuto n'kuyamba mu Disembala 2007.

Koma ulendo waposachedwa udasokoneza ambiri. Mzere wa zaka ziwiri ndi khumi udatembenuka mu Julaye 2022, n'kukhala choncho zaka ziwiri zathunthu, komabe chuma cha America chidakula mu 2023 ndiponso mu 2024. Chimodzi mwa zifukwa zomwe akatswiri amatchula n'choti banki yaikuluyo idagula mabondi a nthawi yaitali ochuluka zedi m'nyengo ya Covid, zomwe zidatsitsa chiwongoladzanja chake popanda mantha a wina aliyense. Ine ndikuona kuti chizindikirochi chikadali chofunika kuchimvera, bola tikumbukire kuti chimangotiuza zomwe anthu a ndalama akuyembekeza, sichitchula tsiku kapena kukula kwa vuto.

Kuno kwathu sichigwira ntchito chimodzimodzi. Mu 2024, chikalata cha boma la Malawi cha masiku 91 chinkalipira 16 peresenti, cha masiku 364 chinkalipira 26, ndipo cha zaka khumi 35. Mzere udali wokwera bwino lomwe, koma palibe mayi wogulitsa matimati pamsika wa Bvumbwe akananena kuti zinthu zinkayenda, kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ogula zikalatazi ndi ochepa, makamaka mabanki ndi makampani a penshoni ndi inshuwalansi, ndipo ambiri amangozisunga mpaka tsiku lobweza. Mtengo wake umasonyeza ludzu la boma la ngongole ndi kukwera mitengo kwa zinthu, kuposa maganizo a msika pa za mawa.

Kwa mlimi wa ku Thyolo, mzere wa ku America ndi wofunika poganizira za ogula. Tiyi wathu wambiri amakasakanizidwa ndi wina m'timapaketi totsika mtengo, ndipo banja likasowa ndalama silifulumira kusiya kapu ya m'mawa. Mtedza wa makademiya, womwe maesiteti ambiri a m'bomali adabzala, ndi chakudya cha anthu opeza bwino, choncho ndiwo ungayambe kusowa msika. Wofuna kukongola madola kuti akulitse munda wa makademiya, mitengo yomwe imatenga zaka zingapo isanayambe kubereka, ndiye woyenera kuyang'ana mzerewu asanasaine ku banki.