Kontena ndi makina oyerekeza: funso losathawika pa intaviyu ya devopusi

Kontena ndi pulogalamu wamba yomwe ikuyenda pa kompyuta, koma yotchingiridwa mwakuti imadziona ngati ili yokhayokha. Makina oyerekeza ndi kompyuta yathunthu yomangidwa ndi pulogalamu mkati mwa kompyuta ina. Ofuna ntchito ya devopusi, yomwe ndi ntchito yolandira mapulogalamu kwa owalemba, kuwaika pa maseva ndi kuwayang'anira usana ndi usiku, kawirikawiri amafunsidwa kusiyana kwa ziwirizi pa intaviyu. Ambiri amangoti kontena ndi yopepuka. Sananame, koma wofunsa amakhala akudikira chifukwa chake.

Chifukwacho chili pa kenelo. Kenelo ndi phata la dongosolo loyendetsa kompyuta monga Linux. Ndiyo imagawa memole, kupereka nthawi ya pulosesa kwa pulogalamu iliyonse, ndi kulankhula ndi disiki. Makina oyerekeza aliwonse amakhala ndi kenelo yawoyawo. Pansi pawo pamakhala pulogalamu yotchedwa haipavaiza, monga KVM, VMware ESXi kapena VirtualBox, yomwe imawanamiza kuti ali ndi pulosesa, memole ndi disiki zenizeni. Ndiye chifukwa chake amatenga malo aakulu, nthawi zambiri magigabaiti, ndipo poyaka amayamba adzutsa dongosolo lawo lonse. Makontena alibe kenelo yawo. Onse a pa seva imodzi amagwiritsa ntchito kenelo ya sevayo, ngati alendi a nyumba za mdadada omwe aliyense ali ndi chitseko ndi loko wake, koma denga, mpope ndi mita yamagetsi n'zimodzi. Kudzutsa kontena n'kungoyambitsa pulogalamu basi, choncho sipadutsa masekondi ambiri.

Izi zimaoneka ndi maso. Pa kompyuta ya Linux yokhala ndi Docker, munthu atha kulemba malamulo awiri awa:

```
uname -r
docker run --rm alpine uname -r
```

Loyamba limatchula kenelo ya kompyutayo. Lachiwiri limafunsa funso lomwelo mkati mwa kontena ya Alpine, mtundu wina wa Linux. Mayankho onse awiri amakhala ofanana ndendende, popeza kenelo ndi imodzi. Pa Windows ndi pa Mac nkhani imasiyana pang'ono: Docker Desktop imadzutsa mwakachetechete makina oyerekeza a Linux, ndipo makontena a Linux amakhala m'menemo.

Mpanda wa kontena umamangidwa ndi zipangizo ziwiri za mu kenelo ya Linux. Choyamba, `namespaces`, chimachepetsa zomwe pulogalamu ingathe kuona: imaona mafailo ake, netiweki yake ndi mndandanda wake wa mapulogalamu, za anzake ayi. Chachiwiri, `cgroups`, chimaika malire pa zomwe ingathe kudya, makamaka memole ndi pulosesa. Chipangizochi chinayambitsidwa ndi akatswiri a ku Google ndipo chinalowa mu Linux mu 2008. Pamene kampani ya dotCloud inatulutsa Docker mu 2013, zipangizozi zinalipo kale. Chachikulu chomwe Docker inabweretsa ndi njira yosavuta yolongedza pulogalamu pamodzi ndi zonse zomwe imafuna, n'kuitumiza kwina.

Phukusi lolongedzalo limatchedwa imeji, ndipo malangizo omangira amalembedwa mu failo yotchedwa `Dockerfile`. Imeji sisintha ikamangidwa. Kontena ndi imeji yomwe yadzutsidwa, ndipo imeji imodzi itha kubala makontena ambirimbiri. Apa pali msampha womwe ofunsa amaukonda: zomwe pulogalamu yalemba mkati mwa kontena zimapita nayo limodzi ikafufutidwa. Zofunika kusunga, monga kaundula wa makasitomala, ziyenera kukhala kunja, m'malo osungira otchedwa voliyumu.

Kugawana kenelo kuli ndi mtengo wake. Mbala ikapeza mng'alu mu kenelo kudzera mu kontena imodzi, makontena ena onse a pa sevayo amakhala pa chiopsezo, pamene mpanda wa haipavaiza ndi wovuta kuuboola. Komanso kontena ya Linux siyenda pa kenelo ya Windows. N'chifukwa chake makontena sanathetse makina oyerekeza. M'makampani obwereketsa maseva pa intaneti, makontena ambiri amayenda mkati mwa makina oyerekeza momwemo.

Docker imakwana pa kompyuta imodzi. Maseva akachuluka pamafunika kapitawo woti adziwe kontena iti ipite pa seva iti, ndiponso chochita ikafa usiku. Kapitawoyo ndi Kubernetes, yomwe Google inailengeza mu 2014, potengera luso la dongosolo lake lamkati lotchedwa Borg. Mwini pulogalamu salamula sitepe ndi sitepe. Amangolemba zomwe akufuna, mwachitsanzo makope atatu a pulogalamu yogulitsira katundu, m'chikalata chotchedwa `Deployment`. Kubernetes imayerekeza mosalekeza zomwe zalembedwa ndi zomwe zilipo, ndipo kope limodzi likasowa imadzutsa lina. Kope lililonse limatchedwa podi, ndipo podi imanyamula kontena imodzi kapena zingapo zogawana adiresi imodzi ya netiweki. Poti mapodi amafa ndi kubadwa ndi maadiresi atsopano, kutsogolo kwawo kumaikidwa `Service`, dzina ndi adiresi yosasintha yomwe imalandira ofuna chithandizo n'kuwagawira mapodi amoyo.

Wofunsa wodziwa ntchito sakhutira ndi matanthauzo. Amapereka vuto. Tiyerekeze kuti pulogalamu yogulitsira ija yapatsidwa malire a memole okwana `256Mi`, koma makasitomala akachuluka imafuna yoposa pamenepo. Woyang'anira amayamba ndi malamulo awa:

```
kubectl get pods
kubectl describe pod <dzina-la-podi>
kubectl logs <dzina-la-podi> --previous
```

Lamulo loyamba likuonetsa mawu akuti `CrashLoopBackOff`, ndipo nambala ya pansi pa `RESTARTS` ikukwererakwerera. Mawuwa si matenda enieni, ndi chizindikiro chabe. Akutanthauza kuti kontena ikumafa ikangodzutsidwa, ndipo Kubernetes ikudikira isanayesenso: masekondi 10, kenako 20, kenako 40, mpaka kufika pa mphindi zisanu. Chomwe chikupha kontenayo chimapezeka ndi lamulo lachiwiri, pansi pa `Last State`, pomwe palembedwa `OOMKilled` ndi `Exit Code: 137`. Nambalayi ndi 128 kuphatikiza 9, ndipo 9 ndi chizindikiro cha `SIGKILL`, chomwe chimazimitsa pulogalamu osaipatsa mpata wotsanzika. Lamulo lachitatu limaonetsa zomwe kontena yakufayo inalemba, ndipo nthawi zambiri zolembazo zimangodukira panjira popanda dandaulo lililonse.

Wakupha apa ndi kenelo ya seva ija, pokwaniritsa malire omwe anaikidwa mu `cgroups`. Pulosesa ikadakhala ndiyo yaperewera, kontena ikadangoyenda mwaulesi osafa, chifukwa kenelo imatha kuchepetsa nthawi ya pulosesa koma singalande memole yomwe pulogalamu yagwira kale. Mankhwala amatengera mmene memole ikukwerera. Ikakwera n'kuima pamalo ena, malire ndiwo anachepa, ndipo kuwakweza kufika pa `512Mi` kutha kuthetsa vuto. Ikamangokwera osatsika, pulogalamuyo ikudontha memole, ndipo kukweza malire kumangochedwetsa imfa. Iyenera kubwerera kwa oilemba.

Funso lina lomwe limagwetsa anthu ndi loti kodi Kubernetes imafuna Docker kuti iyende. Yankho ndi ayi. Kuyambira pa mtundu wa 1.24 wa mu 2022, Kubernetes inachotsa `dockershim`, kachigawo komwe kankailumikiza ndi Docker, ndipo maseva ambiri amadzutsa makontena ndi `containerd` kapena CRI-O. Maimeji omangidwa ndi `docker build` amagwirabe ntchito monga kale, chifukwa onse amatsata muyezo umodzi wa OCI.